Mafunso ndi mayankho: kalembedwe ka ndemanga pa zovala zomwe wophunzira wasoka pomaliza kosi

Mafunso awa amabwerabwera kuchokera kwa anzanga ophunzitsa utelala ndi dizaini kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, komanso matelala akalekale omwe amaitanidwa kukaona ntchito za ana kosi ikamatha kenako nkungopatsidwa pepala kuti lembani maganizo anu. Kuti tisamayankhule za m'malere ndigwiritsa chitsanzo chimodzi mpaka pansi. Tiyerekeze mtsikana wasoka zovala 5 ndipo akuti ganizo lake walitenga ku minda ya tiyi ya ku Thyolo. Pali jekete la mapiliti oyenda m'mizere, siketi yothina yodutsa bondo, diresi la zipi kumbuyo, buluku lotambalala, ndi chofunda cha m'mapewa chotuwa chomwe iye akuti chikuimira chiperoni, nkhungu ya kamvula kowaza ija ya nyengo yozizira kuno.

Ndemanga yosakondera ndiye kuti chabwino chimodzi, choipa chimodzi?

Ayi ndithu. Anthu ambiri amaona ngati akalemba ziganizo zitatu zoyamikira akuyenera kusakanso zitatu zodzudzula kuti zifanane, ndiye amayamba kukumba zolakwika zomwe palibe, kapena kuyamikira zinthu zopanda pake ngati "ulusi wasankha wabwino" pofuna kudzadza mzere. Mwana amazindikira msanga kuti apa andinamiza.

Kusakondera komwe ndikunena ine ndi kwakuti mbali zitatu zonse mwaziona payokhapayokha ndipo iliyonse mwainenera zoona zake: kasokedwe, ganizo lomwe lamanga zovalazo pamodzi, ndi kuvalika kwake. Zitha kutheka kuti ganizo nlamphamvu zedi koma kasokedwe kakugwa, lembani choncho. Choopsa nchakuti ife ambiri tinachokera pa makina, maso athu amathamangira ku misoko, ndiye pepala lonse limadzadza za ulusi ndi zipi pomwe za ganizo talembapo mawu awiri, "zili bwino". Mwana uja amapita kwawo akuganiza kuti dizaini ndi kusoka mowongoka basi, chinthu chomwe anachiganizira miyezi yambiri palibe wachitchula.

Ndisanalembe ndiyambe kuona chiyani?

Musayambe nkutembenuza chovala kunja kukhala mkati, ngakhale manja akuyabwa. Mukangoona maulusi akulendewera pa msoko woyamba mtima umaipa, ndipo china chilichonse mudzachiona ndi diso lomwelo.

Yambani nkumva zomwe mwana amafuna kuchita, kaya walemba pa pepala kaya akufotokoza pakamwa, muonenso buku lake la zojambula ndi tizidutswa ta nsalu tomwe anayesererapo. Mufunseni kuti wovala zimenezi ndani ndipo akupita kuti. Kenako zovala zonse 5 zikolekedwe pamodzi inu mubwerere m'mbuyo mamita atatu muzione ngati gulu. Chachitatu zivalidwe, munthu ayende nazo, akhale, akweze manja. Pomaliza ndi pamene mumaziyala pa tebulo nkuzitembenuza, tepi ili m'khosi. Pepala lanu lolemba zokumbutsa muligawe patatu ndipo mukamaliza muone ngati mbali ina yatsala yoyera, ikatsala bwererani mukaonenso, musangolembapo za m'mutu.

Pa kasokedwe ndiyang'ane pati kwenikweni?

Choyamba ndi kadulidwe, chifukwa zolakwika za apa sizikonzeka pa makina. Nsalu ili ndi maulusi ake oyenda motsata m'mphepete muja mwa ku fakitale, ndipo mzere wapakati wa mwendo wa buluku ukuyenera kutsata maulusi amenewo. Ana amakonda kupendeketsa patani kuti chitenje cha mamita awiri chikwane, zotsatira zake mwendo umapotoka. Mudzaona motere: buluku likavalidwa msoko wa m'mbali m'malo motsika chowongoka kufika pa kakolo, ukukhotera kutsogolo kwa phazi, nthawi zambiri mwendo umodzi wokha. Mukaona zimenezo musalembe kuti wasoka mokhota, analakwitsa podula.

Pa chitenje onaninso maluwa. Ngati ali ndi mutu ndi miyendo, onse ayang'ane mbali imodzi kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo pa msoko wapakati kumbuyo duwa likumane ndi linzake. Onaninso pomwe duwa lalikulu lagwera, likakhala ndendende pa bere kapena pa matako ameneyo sanayale patani moganiza.

Chachiwiri ndi msoko weniweniwo. Kokani pang'ono mbali ziwiri za msoko, mukaona mano a ulusi akusekerera ndiye kuti ndi wolefuka. Tembenuzani, ngati pansi pali tizingwe tolendewera ngati malupu vuto lili pa ulusi wa pamwamba, mwina tenshoni yachepa kapena sanaudutsitse bwino m'malo mwake. Ngati msoko wakwinyika ngakhale atasita, tenshoni yathina kapena singano ndi yobuntha. Pa chitenje cha kotoni sitichi ya mamilimita 2.5 ndi singano ya nambala 14 zimayenda bwino, ndipo chosiya cha msoko chikhale masentimita 1.5 paliponse. Yezani malo atatu, mukapeza pena 2 pena 0.5 mwadziwa chomwe chapangitsa kuti mbali ina ithine.

Kenako zipi, khosi ndi madati. Zipi yobisika ikatsekedwa isaoneke mano, ndipo msoko wa m'chiuno ukumane mbali zonse ziwiri, osati kwina m'mwamba kwina pansi. Ikafufuma ngati mafunde ndiye kuti nsalu inakokeka posoka, makamaka ngati sanamate kasitifi kopyapyala m'mbali mwake. Khosi lozungulira likamatukuka ndipo fesing'i ikusuzumira kunja, sanacheke timipata mu chosiya cha msoko pokhota paja, kapena sanaisokerere fesing'iyo ku chosiyacho kuti igone mkati. Dati la pachifuwa lithere masentimita awiri lisanafike pa nsonga ya bere ndipo lithe mopsereza, likatha mwadzidzidzi pamatsala kachotupa.

China chomwe chimaiwalika ndi kusita. Msoko uliwonse umasitidwa usanadutsidwe ndi unzake. Chovala chomwe chasitidwa kamodzi kokha kumapeto chimadziwika, pokumana misoko pamakhala polimba ngati mfundo ndipo simbi singagonetsenso.

Nanga ndilembe bwanji cholakwika kuti chimuthandize?

Mawu ngati "finishing'i siili bwino" kapena "uzisamala" aleke, mwana sangawagwiritse ntchito Lolemba akakhala pa makina. Chiganizo chothandiza chimanena malo, chomwe mwaona, chomwe chachititsa ndi chochita. Pa diresi lija ndingalembe kuti:

"Zipi ya diresi yafufuma kuyambira m'chiuno kutsika, ndipo msoko wa m'chiuno mbali ya kumanzere wakwera ndi sentimita imodzi kuposa kumanja. Nsalu yako ndi yoterera ndiye inakokeka. Sula zipi, mata kasitifi ka masentimita awiri m'mbali zonse, soka mbali imodzi, tseka zipi, ika chizindikiro cha choko pomwe pali msoko wa m'chiuno, ugwirizize ndi ulusi wa pamanja usanasoke mbali yachiwiri."

Kuyamikiranso kukhale chimodzimodzi. "Wachita bwino" sizimuuza chomwe asunge. Koma mukalemba kuti mapiliti a jekete atalikirana mofanana masentimita atatu kuyambira pa phewa mpaka pansi ndipo akumana pa msoko wa m'mbali, akudziwa kuti nthawi yomwe anataya akuyeza ija mwaiona ndipo adzabwerezanso.

Ngati vuto ndi makina osati mwana?

Funso lenileni ili, chifukwa si malo onse ophunzirira ali ndi ovaloko, ndipo komwe ilipo magetsi akathima ana 20 amadikira makina amodzi. Sindimuchotsera mwana malikisi chifukwa alibe ovaloko. Koma ndimaona chomwe wachita ndi zomwe ali nazo. Pa makina opalasa ndi mwendo mutha kutseka m'mphepete mwa msoko popinda pang'ono nkusokerera, kapena kusoka msoko wa kawiri uja woyamba kunja kenako mkati kuti m'mphepete mubisike, kapena kuphimba ndi kansalu kodula mopingasa. Wosiya m'mphepete mukuyoyoka ali ndi mlandu, wopinda bwinobwino ndi makina akale ayamikiridwe ndipo muzilembe zimenezo.

Masitichi odumphadumpha ndi nkhani ina. Mukawapeza pa zovala za ana angapo omwe amagwiritsa makina amodzi, limenelo si la pepala la mwana, kauzeni oyang'anira zipangizo. Chimodzimodzi nsalu. Wina wagula ya mtengo ku Limbe, wina watola chitenje ku Limbuli kapena wasula makatani a pa kaunjika ku Luchenza. Chomwe mukuyeza nchakuti nsaluyo ikugwirizana ndi dizaini kapena ayi, mtengo wake usalowe mu malikisi.

Ine ndine telala chabe, za ganizo ndiziweruza bwanji?

Mutha, ndipo mumazichita kale mukamauza kasitomala kuti sitayilo iyi siyikugwirizana ndi nsalu iyi. Apa mukungofunsa mafunso awiri. Kodi zomwe mwana wanena pakamwa zikuoneka pa zovala iye atakhala chete? Ndipo kodi zovala 5 zija ndi za banja limodzi?

Tiyeni pa mtsikana wathu uja. Aliyense wodutsa msewu wa Limbe kupita ku Thyolo amaidziwa minda ya tiyi, tchire lodulidwa mofanana pamwamba ngati tebulo, tinjira todutsa pakati tikukhota motsata phiri. Iye watenga mizere imeneyo nkuisandutsa mapiliti pa jekete, pa buluku waibwereza ngati misoko ya pamwamba yotsika m'mbali, pa siketi yabweranso pa lamba wa m'chiuno. Apa ganizo lagwira ntchito chifukwa walilowetsa mu kapangidwe ka chovala, ngakhale asakuuzeni za tiyi mukuona kuti pali chinthu chimodzi chikuyenda pa zovala zitatuzi. Chofunda chotuwa chija nachonso chili ndi malo ake, chiperoni amachidziwa aliyense wa kuno m'miyezi ya Juni ndi Julaye, ndipo kutuwa kwake kukupumitsa maso pakati pa zobiriwira.

Koma diresi lija ndi la nsalu yonyezimira yofiirira, lili ndi lesi m'khosi, ndipo pofuna kulilowetsa m'gulu wamata tsamba la tiyi lodula pa nsalu ina pa chifuwa. Limeneli ndi la kwina. Nthawi zambiri zimakhala kuti mwana analisoka kale kapena amangolifuna, ndiye akulisakira chifukwa. Kumata chithunzi cha chinthu pa chovala ndi njira yachidule ndipo ndimailemba poyera, mopanda kunyoza, kuti tsambalo likunena za tiyi koma kadulidwe, nsalu ndi mtundu wa diresi sizikunena. Njira yoyesera ndi yosavuta, chotsani chovala chimodzi pa mzere muone ngati zotsalazo zalimba kapena zafooka. Mukachotsa diresi gulu likulimba, mukachotsa jekete likugwa.

Onaninso kuti anafufuza mpaka pati. Amene anangoona minda pa windo la minibasi amabwera ndi mtundu wobiriwira basi. Amene anaima nkuyang'ana othyola tiyi amabwera ndi zambiri, dengu la kumsana ndi malamba ake, chotchinga cholimba cha m'chiuno choti nthambi zisang'ambe zovala, kathyoledwe ka masamba awiri ndi kansonga. Mu ndemanga mutha kumulozera kumeneko kuti mwina malamba a dengu akanamupatsa kumbuyo kwa diresi, koma mulekere pomwepo, musamujambulire diresi lanu.

Nanga sitayilo ikakhala yoti ine sindiikonda, kapena ndikuona kuti ndi yaifupi kwambiri?

Zokonda zanu si muyezo. Ngati mapewa otukuka simuwafuna koma mwana amawafuna ndipo awiri onse atukuka mofanana, wakhoza. Za kutalika zimabwera pa funso lija loti wovala ndani. Akanena kuti ndi za atsikana a ku koleji opita ku phwando ku Blantyre, siketi ya pamwamba pa bondo siyolakwika. Akanena kuti ndi za amayi opita ku chinkhoswe kapena ku Mulhako ku Chonde, pomwe anthu amakhala pansi ndi kugwada popereka moni kwa akuluakulu, pamenepo mutha kulemba kuti kutalikaku sikukugwirizana ndi munthu yemwe iye mwini wamutchula. Mukumuweruza ndi mawu ake omwe.

Kuvalika ndikuyeza bwanji, si kungoona kuti chakwana?

Chovala chimatha kukwana munthu ataima chilili nkukanika akangosuntha. Pa fashoni shoo modelo amayenda mphindi imodzi atakoka mimba, ndiye musadalire zimenezo. Muuzeni akhale pa mpando wamba, akweze manja ngati akutwika ndowa, atambasule manja kutsogolo, awerame ngati akutola kanthu, akwere sitepe. Avale yekha ndi kuvula yekha inu mukuona nthawi, zipi yoti mpaka anthu awiri amuthandize ndi yolakwika ngakhale itasokedwa mokongola.

Siketi ya mtsikana wathu ili ndi vuto lodziwika. Mahipi a modelo ndi masentimita 98, siketi tikaiyeza pa mahipi ikupereka 99. Nsalu ya kotoni sitamuka, ndipo munthu akakhala mahipi amafutukuka, ndiye pamafunika mpata wa masentimita 4 kapena 5, kutanthauza kuti siketi ikanakhala 102 kapena 103. Zizindikiro zake muziona musanayeze nkomwe: makwinya opingasa kutsogolo pansi pa mimba, siketi ikukwera yokha akamayenda, matumba ngati alipo akuyasama. Makwinya opingasa amanena kuti pathina, otsika choimirira amanena kuti nsalu yachuluka. Siliti ya kumbuyo nayo ndi masentimita 10 okha pa siketi yodutsa bondo, phazi silingatalike, ndipo pamwamba pa silitiyo sanabwereze ulusi kuti palimbe, pamenepo ndi pomwe padzayambire kung'ambika tsiku loyamba kukwera minibasi. Kuno anthu amayenda pa kabaza ndi pa njinga yamoto, ngati wanena kuti ndi zovala za ku ofesi ya pa boma funso loti akwera bwanji ndi lachilungamo.

Kuchapa nakonso ndi kuvalika. Mufunseni ngati anaichapa nsalu asanadule, chifukwa kotoni amabwerera akanyowa koyamba, ndipo ngati layining'i ndi ya poliyesitala yomwe sibwerera, jekete likadzachapidwa layining'i idzayamba kusuzumira pansi. Mapiliti a pa kotoni ongosita amatha akalowa m'madzi, ndiye onani ngati anawasokerera m'mphepete kuti akhazikike. Nyowetsani kansalu koyera mupukute pa chobiriwira chija mkati mobisika, kakatuluka ndi mtundu ndiye kuti chidzathimbirira zoyera zomwe wasokera limodzi. Ndipo chofunda cha chiperoni chija, ngati akuti ndi chofunda pozizira koma ndi kotoni mmodzi wopyapyala wopanda layining'i, mu kamvula kowaza ka kuno chidzanyowa nkumata thupi. Lembani kuti dzina ndi ntchito sizikugwirizana, asankhe chimodzi, chikhale chokongoletsa chabe kapena achilimbitse.

Bwanji ngati mwana wanena kuti chovala china ndi cha pa shoo chabe?

Nzololedwa, bola ananena poyamba osati pomwe mwamupeza ndi vuto. Mu zovala 5 chimodzi chitha kukhala chokopa maso, chovuta kuchapa, chosayenera pa kabaza. Komabe munthu apume, ayende ndipo asabayidwe ndi waya kapena mapini. Zinayi zotsalazo ndimayembekeza kuti wina atha kuzigula, ndipo ndimafunsa kuti jekete lamutengera masiku angati ndi mamita angati, chifukwa mapiliti amadya nsalu kwambiri, odzadza bwino amafuna katatu ka mulifupi womwe ukuoneka. Akapanda kudziwa zimenezi adzatchaja mtengo womugwetsa.

Cholakwika chimodzi chikakhudza mbali ziwiri, ndichotse malikisi kawiri?

Ayi, tsatani komwe chayambira muchilembe kumeneko kamodzi. Jekete lija ndiye chitsanzo chabwino. Modelo akakweza manja jekete lonse likukwera mpaka m'nthiti ndipo kumsana kukukoka. Mukaona mwachangu mulemba kuti silivalika, kenako pa kasokedwe mulembanso kuti mkono sunalowe bwino, mwina mpaka pa ganizo kuti mapiliti achuluka, mwana walangidwa katatu pa chinthu chimodzi.

Tembenuzani muone. Mapiliti afika mpaka mu msoko wa mkono, ndiye pamenepo pali nsalu zosanjikizana zambiri, panalimba, mkono unakana kulowa. Pofuna kuthawa vutolo iye anadula chibowo cha mkono kutsikira pansi kuti pamasuke. Ambiri amaganiza kuti chibowo chachikulu chimapatsa ufulu, koma pa jekete logwira thupi zimatembenuka, kukhwapa kukatsika kwambiri mkono ukamakwera umanyamula jekete lonse. Ndiye gwero ndi patani. Ganizo la mapiliti ndi labwino lisakhudzidwe. Chochita nchakuti mapiliti athere masentimita atatu asanafike pa msoko wa mkono, kapena adule nsalu yobisika mkati mwa piliti pamalo amenewo, kukhwapa kubwerere pomwe kunali. Pa kuvalika mungolozera kuti onani za mkono pamwambapa.

Tatiwonetsani ndemanga yonse momwe ingaonekere

Ya mtsikana uyu ndingailembe chonchi, ndipo tsamba limodzi lakwana:

"Mwanawe, mizere ya minda ya tiyi waigwira. Ikuoneka pa jekete, pa buluku ndi pa lamba wa siketi popanda iwe kufotokoza, ndipo zobiriwira zako ziwiri ndi chotuwa zikuyenda limodzi. Jekete ndiye mutu wa ntchito yonse. Diresi silinalowe m'gululi, nsalu yonyezimira ndi lesi sizikupezeka pena paliponse ndipo tsamba lomata silikukwanira kulilumikiza. Bwerera ku zojambula zako, uone chomwe ungatenge kwa othyola tiyi eniake.

Pa kasokedwe, mapiliti ako ndi ofanana ndipo akumana m'mbali, mipendero ya buluku yagona bwino, misoko ya mkati waitseka yonse ngakhale unalibe ovaloko. Zokonza zazikulu ndi ziwiri. Chibowo cha mkono wa jekete unachitsitsa pothawa kulimba kwa mapiliti, ndiye jekete likukwera ukakweza manja, siya mapiliti masentimita atatu usanafike pa msoko ndipo ubwezere kukhwapa. Zipi ya diresi yafufuma ndipo m'chiuno simunakumane, isule uike kasitifi usanaibwezere.

Pa kuvalika, buluku munthu atha kulivala tsiku lonse, akukhala ndi kuyenda momasuka. Siketi yathina, ili ndi mpata wa sentimita imodzi pa mahipi m'malo mwa 4 kapena 5, ndipo siliti ndi yaifupi komanso yosalimbitsa pamwamba. Chosiya cha msoko uli nacho chokwanira, masula m'mbali zonse ziwiri upeze masentimita atatu. Chofunda chikufuna layining'i ngati ukufuna chizifunditsa.

Uyambe ndi mkono wa jekete. Dula sampulo pa nsalu yotchipa, mbali imodzi yokha, undionetse usanakhudze jekete lenilenilo."

Muona kuti maulusi osadula ndi batani lopendama sindinazitchule ngakhale zilipo. Zimenezo ndimamuonetsa ndi chala tili pa tebulo.

Zolakwika zikachuluka ndilembe zonse?

Ayi, zitatu kapena zinayi zomwe zikakonzeka zikoka zina. Mwana wofooka mukamulembera zinthu 15 sawerenga, amangoona inki. Sankhani za ku gwero, ngati kudula mopendeka ndi chosiya cha msoko chosafanana, chifukwa zimenezo zikubala theka la mavuto ena. Ndipo musanene kuti palibe chabwino musanatembenuze zovala zonse, kawirikawiri pamapezeka kolala imodzi kapena thumba limodzi lomwe linatuluka bwino, mumuuze kuti dzanja lomwe linasoka apa lisokenso pena ponse.

Amene timawalakwira kwambiri ndi ana aluso. Poti zonse zawongoka timangolemba "zabwino kwambiri, pitiriza" nkuthamangira kwa wina. Koma mwana wosoka bwino nthawi zambiri amabisala mu masitayilo omwe akuwadziwa kale, zovala 5 zonse ndi zomwe zili pa khonde la telala aliyense pa Chitakale. Ameneyo akufunika kuuzidwa kuti manja ali bwino koma ganizo silinayese kanthu, ndi kumufunsa kuti chake chenicheni pa zovalazi ndi chiti.

Malikisi ndi mawu zigwirizane bwanji?

Ngati kosi yanu ili pansi pa TEVETA kapena sukulu ili ndi fomu yake, tsatani magawo a fomuyo ndipo ana awadziwe asanadule nsalu. Komwe kulibe fomu gwirizanani aphunzitsi nokhanokha poyamba kuti mbali iliyonse itenga zingati, kosi ya utelala ipereka zambiri ku kasokedwe, ya dizaini ikweza ganizo. Lembani mawu kaye, nambala pambuyo, kenako muwerenge ngati ndinu mwanayo. Pepala lodzadza kuyamikira lokhala ndi 48 pansi limapweteka kuposa lodzudzula, chifukwa sakuona komwe malikisi athawira. Mukakhala oweruza awiri aliyense alembe payekha musanakambirane, apo ayi wamng'ono amangotsata zomwe akuluakulu anena.

Ndimuuze pagulu kapena payekha, ndipo mu chiyankhulo chanji?

Zomwe kalasi yonse ingaphunzirepo, ngati nkhani ya kukhwapa ija, ndi zabwino kuzionetsa pagulu mutamupempha mwini wake kaye. Malikisi ndi zofooka zake zenizeni zikhale za awiri. Tsiku la shoo makolo ali pompo si tsiku lake, dikirani mawa lake kapena mkuja. Samalaninso pakamwa pa modelo, ambiri amakhala anzawo a m'kalasi ongothandiza, ndiye nenani kuti siketi yachepa, musanene kuti munthu wanenepa.

Ngati fomu ikufuna Chingerezi lembani, koma mukakhala naye pansi mufotokoze mu Chichewa chovala chili m'manja, chala chili pa malo omwe mukunena. Pomaliza muuzeni abwereze yekha chomwe akachite poyamba, akanena kuti "ndikakonza jekete" mufunsenso kuti pati ndipo motani, mpaka atchule kukhwapa ndi masentimita atatu aja. Mupatseni sabata imodzi ya sampulo, ndipo akabwera nayo muiyeze pa modelo yemwe uja manja ali m'mwamba.